Dzina la kalabu yathu likutivuta

Funso: Ndife achinyamata a ku Santhe, m'boma la Kasungu. Tayambitsa kalabu yobwezera kusukulu ana ogwira ntchito m'minda ya fodya. Ena akufuna dzina lakuti Tikondane, ena lachingerezi lalitali. Tisankhe bwanji?

Yankho: Tikondane ndi dzina lokoma, koma magulu ambiri analitenga kale, komanso silinena ntchito yanu. Ndikukuchenjezaninso za dzina lodzudzula fodya. Makolo a anawo ndi matenanti ndi alimi, ndipo ndalama ya yunifolomu imachokera ku fodya yemweyo. Akamva ngati mukuwaimba mlandu, sadzabwera kumisonkhano yanu. Tchulani kumene mukufuna anawo apite, monga Tibwerere Kusukulu Santhe.

Pofupikitsa musangotola zilembo zoyamba, chifukwa TKS satchulika. Tengani maphatikizo oyamba, mupeze TIKUSA. YONECO ya ku Zomba imakumbukika chifukwa imatchulika ngati mawu wamba. Auzeni agogo dzinalo m'mawa, madzulo muwafunse ngati akulikumbukira.

Musanadinditse chidindo, pitani ku ofesi ya achinyamata paboma, akuonereni ngati dzinalo lilibe eni, akuuzeninso za kulembetsa ku National Youth Council of Malawi.