Mphatikira -ni ndi Ulemu m'Mau Otsazikirana

Ziyankhulo zambiri za Chibantu zimagawa mau otsazikirana pawiri: wochoka amafunira zabwino wotsala, ndipo wotsala amafunira zabwino wochoka. Mchewa amati tsalani bwino, mnzake nayankha kuti pitani bwino. Mshona amati sarai zvakanaka ndi fambai zvakanaka. Mzulu amati sala kahle ndi hamba kahle. Tsinde la mneni wa kutsala ndi limodzi: -tsala, -sara, -sala. Kusiyana kwake kwagona pa ntchito ya mphatikira wotsiriza.

M'Chichewa mphatikira -ni ali ndi ntchito ziwiri: amasonyeza kuchuluka, komanso amalemekeza munthu mmodzi. Motero tsala bwino ndi mau oyenera mwana kapena bwenzi la ponda apa nane mpondepo, osati wamkulu. Chishona chimachita chimodzimodzi ndi -i wa mu sarai, ndiponso Chibemba chimasiyanitsa shalapo ndi shalenipo. Koma m'Chizulu -ni kwenikweni amawerenga anthu. Salani kahle amanka kwa ambiri, kapena kwa mmodzi pamodzi ndi a pabanja pake. Ulemu umasenzedwa ndi dzina loitanira, kotero kuti sala kahle, baba ndi mau aulemu wokwanira. Chiswahili nacho chimatero: kwa heri kwa mmodzi, kwa herini kwa ambiri.

Tiyerekeze Mzulu wophunzira Chichewa amene akutsazika apongozi ake. Potsata chizolowezi cha kwao anena kuti tsala bwino, bambo. Chiganizochi sichiphwanya lamulo lililonse la kapangidwe ka mneni, komabe womva adzidzimuka, pakuti dzina laulemu lakumana ndi mneni woyenera mwana. Kukonza kwake nkochepa: tsalani bwino, bambo.

Tsono mau ocheza nawo, monga tionana, toonana, sobonana ndi tutaonana, amalambalala vuto lonseli. Mwininkhani wake ndi ife, ndipo mphatikira -an- amasonyeza kuchitirana. Palibe wolamulidwa, choncho woyankhula sasankha pakati pa iwe ndi inu. Chomwe amasankha ndi nthawi yokha: tionana amanena za lero kapena posachedwa, pamene tidzaonana amanena za tsiku lakutali. Chizulu chimasiyanitsanso motero sizobonana ndi siyobonana.

Komabe kulambalala kumeneku kuli ndi malire. Tionana amaika anthu awiri pa msinkhu umodzi, ndipo sapempha njira. Mlendo amene wacheza pakhomo pa akulu amayamba wanena kuti ndatsazika kapena ndikuthaweni, nayembekeza kuti eni khomo ampatse moni wokapereka kwao ndi kumperekeza. Pamenepo tionana angathe kutsekera, koma sangayambe.

Wofufuza tsono afunse mafunso awiri pa chiyankhulo chilichonse: kodi ulemu uli mu mneni kapena m'dzina loitanira, ndipo ndi mau ati amene angaime okha popanda kupempha njira?