Uthenga Wabodza Wokonzanso Pulogalamu pa Intaneti: Mmene Tingauzindikirire

Tsiku lina madzulo ndinali kufufuza nkhani ya miyambi pa intaneti pokonzekera ntchito ya m'kalasi. Nditangotsegula tsamba lina lomwe ndinkaliwerenga kawirikawiri, nkhani yonse inaphimbika. M'malo mwake panaoneka chizindikiro cha Chrome, mawu ondiuza kuti pulogalamu yanga yotsegulira masamba ndi yakale, ndi batani lolembedwa kuti "Update Chrome". Ndinalidina, ndipo fayilo ina inalowa m'kompyuta. Ndisanaitsegule, dzina lake linandikayikitsa. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ndinaphunzira pa msampha umenewu.

Choyamba ndi kudziwa komwe uthengawu umachokera. Akuba a pa intaneti amathyola tsamba la anthu osalakwa, monga la sukulu kapena la sitolo, n'kubisamo malamulo awo a kompyuta. Mlendo akafika, malamulowo amaona mtundu wa pulogalamu imene akugwiritsa ntchito. Wa Chrome amamuonetsa uthenga wa Chrome, wa Firefox uthenga wa Firefox. Mu 2018 akatswiri a chitetezo cha makompyuta analemba za chinyengo chotere n'kuchitcha FakeUpdates, ndipo chimadziwikanso ndi dzina loti SocGholish. Choncho kulidziwa tsambalo sikutiteteza. Adiresi yake imakhala yolondola, ngakhale zilembo za https zimakhalapo, chifukwa tsambalo ndi lenileni, kungoti alilowerera eni ake osadziwa.

Mfundo yaikulu ndi iyi: pulogalamu yeniyeni siipempha kukonzedwanso kudzera m'kati mwa tsamba limene tikuwerenga. Chrome imadzitengera yokha zatsopano mwakachetechete. Ikafuna kuyambitsidwanso, chizindikiro chimaoneka pakona ya kumanja pamwamba, pafupi ndi timadontho titatu, kunja kwa malo amene tsamba limaonekera. Uthenga umene ndinauona ine unali m'munsi mwa mzere wa adiresi, m'malo amene mwini tsamba, kapena wolithyola, angalembemo chilichonse.

Ofuna kutsimikiza atsegule tsamba lopanda kanthu ndi kulemba izi pa mzere wa adiresi:

```
chrome://settings/help
```

Apa Chrome imadzifufuza yokha. Ngati ilidi yakale, imadzikonza pomwepo n'kuonetsa batani la "Relaunch". Nditachita zimenezi, ndinapeza mawu oti "Chrome is up to date". Bodza linaonekera poyera.

Chizindikiro chachiwiri ndi fayilo imene yalowa. Yanga inali ndi dzina ili:

```
Update.js
```

Zilembo zakumapeto kwa dzina zimasonyeza mtundu wa fayilo. Fayilo yothera ndi .js ndi mndandanda wa malamulo, ndipo munthu akaidina kawiri pa Windows, kompyuta imayamba kuwatsatira. Imatumiza kwa akubawo dzina la kompyuta ndi la mwini wake, kenako imalandira mapulogalamu ena oipa. Ena amaba mawu achinsinsi, ena amatseka mafayilo onse mpaka mwini wake atalipira dipo. Nthawi zina fayiloyi imabwera itakutidwa mu ina yothera ndi .zip. Vuto ndi loti Windows imabisa zilembo zakumapetozi pokhapokha munthu ataiuza kuti izizionetsa. Pa Windows 11 timatsegula File Explorer, n'kudina View, kenako Show, kenako File name extensions. Mwayi wanga unali woti ndinali nditachita kale zimenezi.

Palinso uthenga wina wosavuta kuugwira, wopempha kukonzanso Flash Player. Kampani ya Adobe inasiya kusamalira pulogalamuyi pa 31 Disembala 2020, kotero tsamba lililonse lopempha zimenezi lero likunama.

Nanga amene wadina kale atani? Kulowa kwa fayilo ya mtundu umenewu pakokha sikuwononga kanthu; choopsa ndi kuitsegula. Ngati sinatsegulidwe, aifufute ndi kutseka tsambalo, monga ndinachitira ine. Ngati yatsegulidwa, asanyengeke poona kuti pa sikirini sipanaoneke chilichonse, pakuti imagwira ntchito mobisa. Achotse kompyutayo pa intaneti msanga, aipime yonse ndi Full scan ya mu Windows Security, ndipo asinthe mawu achinsinsi a imelo ndi a ku banki pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina. Kupimako sikugwira zonse, choncho ndi bwino kuionetsanso kwa katswiri. Ngati kompyutayo ndi ya pa sukulu, auze oyang'anira makompyuta tsiku lomwelo, chifukwa akubawa amadutsira pa kompyuta imodzi kukafika pa zina zolumikizana nayo.

Kuchokera tsiku limenelo, uthenga wotere ukandipeza sindiuyankha. Ndimatseka tsambalo, n'kukafunsa pulogalamu yeniyeniyo ngati ikufunikadi kukonzedwanso.