Uphungu wa Azakhali: Andipempha kunena mbiri ya malemu, koma pakhosi pakutseka

Uthenga unafika pa foni ya Azakhali Lachiwiri usiku, kuchokera kwa mayi wina wa m'dera la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi. Mnzake wa pamtima, amene anakula naye mudzi umodzi, naphunzira naye sukulu imodzi, nalowa naye Umanyano ku CCAP, anali atamwalirira m'chipatala ku Lusaka. Thupi linkayembekezeka kufika Lachinayi kudzera ku Chipata, ndipo kuika kunali Lachisanu. Amalume a malemu, amene ankayendetsa zonse pasiwa, anamuuza kuti banja lagwirizana zoti iyeyo ndiye adzanene mbiri ya malemu m'tchalitchi, popeza palibe wina amene ankamudziwa bwino kuposa iye.

"Ndayesera kuyankhula ndekha m'nyumba," analemba motero mayiyo, "koma ndikangotchula dzina lake pakhosi pamatseka, miyendo n'kuyamba kunjenjemera. Ndikakana adzati ndamutaya mnzanga. Ndikavomera ndidzangolira pamaso pa anthu, mwambo n'kuima. Kodi n'kulakwa kuwalembera kalata yokana? Nanga ndilembemo chiyani?"

Maliro sadikira tsiku lotuluka magazini, choncho Azakhali anayankha usiku womwewo. Yankholo likusindikizidwa pano mwa chilolezo cha mayiyo, maina atachotsedwa.

Choyamba chimene Azakhali anamuuza n'chakuti kukana n'kololedwa, ndipo zimene zikumuchitikira pakhosi n'zenizeni, zili ndi chifukwa chake m'thupi. Munthu akagwidwa ndi chisoni chachikulu, mtima umagunda mofulumira ndipo thupi limafuna mpweya wambiri, motero khomo la mpweya la pakholingo limatseguka kwambiri. Pomeza malovu khomo lomwelo limafunika litseke, ndiye minofu ya pakhosi imalimbana. N'chifukwa chake munthu amamva ngati pakhala chotupa. Mawu nawonso amafuna mpweya wotuluka pang'onopang'ono mosadukiza, pomwe wolira amapuma modukizadukiza. Kulimba mtima pakokha sikuthetsa zimenezi. Alipo ena amene amalira pang'ono, n'kupuma, n'kupitiriza mpaka kumaliza, ndipo otere Azakhali amawalimbikitsa kuti ayankhule ndithu, chifukwa misozi pamaliro sichititsa manyazi. Koma mayi uyu wayesera ali yekha, popanda bokosi patsogolo pake, popanda nyimbo za amayi anzake, ndipo akulephera kudutsa dzina lokha. Lachisanu zidzavuta kuposa pamenepo.

Ngakhale pamaliro akuluakulu a dziko, amene ali pafupi kwambiri ndi malemu nthawi zambiri si amene amaimirira. Poika Nelson Mandela ku Qunu pa 15 Disembala 2013, mkazi wake Graça Machel anakhala pampando wake atavala zakuda, osapita kutsogolo kukayankhula. Mbiri ya malemu anawerenga ndi mdzukulu wake Ndaba, ndipo mdzukulu wina, Nandi, ndiye anayankhula m'malo mwa banja. Anayankhulanso Joyce Banda, amene panthawiyo anali pulezidenti wa Malawi, ndi Kenneth Kaunda. Ahmed Kathrada, amene anakhala m'ndende limodzi ndi Mandela pa chilumba cha Robben, anaimirira n'kuyankhula mawu akunjenjemera. Kathrada anatha kutero, ndipo anthu anamulemekeza. Mayi Machel anakhala chete, ndipo nawonso analemekezedwa chimodzimodzi.

Kwathu kuno mwambo womwe unaganizira kale zimenezi. Wamasiye saimirira kuyankhula pamanda. Amayankhula ndi woimira banja, mfumu ya mudzi, ndi a mpingo, pomwe manda amakumba ndi adzukulu. Ntchito zolemera zimapita kwa amene ali pataliko pang'ono ndi chisonicho. Amalume aja, poganiza za amene akudziwa zambiri za malemu, anangoiwala kuti mnzake wa moyo wonse nayenso ndi namfedwa.

Vuto lenileni, monga Azakhali akuonera, lagona pa kakanidwe. Kumudzi kalata yongofika yokha, mwini wake osaoneka, imabala mafunso. Wina adzati awiriwa anayambana malemu asanadwale. Wina adzakumbutsa za ngongole. Pa imfa ya munthu amene sanakalambe, manong'onong'o amatha kufika poipa kuposa pamenepo, ndipo aliyense wokulira kumudzi akudziwa kumene amathera. Choncho kalatayo inene chifukwa chake mosabisa, ndipo mwini wake aipereke ndi manja ake.

Aipereke msanga, Lachitatu m'mawa, thupi lisanafike. Mabanja ambiri masiku ano amatumiza mwana kuboma ku Lundazi kukasindikiza ndondomeko ya mwambo, ndipo dzina likalowa papepala, kulichotsa kumavuta. Komanso wolowa m'malo amafunika usiku umodzi kapena uwiri woti awerengeretu. Kuuza banja Lachisanu m'mawa, galimoto ya maliro italiza kale injini, n'kumene kumapweteka anamfedwa.

Apite nayo kwa amalume, amene anamupempha. Asaipititse kwa amake a malemu, amene ali m'nyumba ya siwa ndipo sayenera kusenzetsedwa nkhani ya ndondomeko. Atenge mayi mmodzi wamkulu wa ku Umanyano, awaitanire amalumewo pambali, agwade monga mwa ulemu wake, apereke pepalalo. Mawu akakanika, mayi wamkuluyo ndiye anene kuti, "Amalume, mwana wanuyu wabwera ndi mawu, koma ali m'kalatamu." Uthenga wa pa foni Azakhali amauvomereza kwa amene ali kutali, monga wa ku Kitwe kapena ku Joni, ndipo ngakhale iyeyo aimbe kaye asanalembe. Kwa munthu wokhala mudzi woyandikana, foni siyokwanira.

Kalata imene anakonzera limodzi inali yaifupi chonchi:

"Amalume ndi banja lonse, pepani kwambiri ndi imfa ya mchemwali wanga. Mwandilemekeza pondisankha kuti ndinene mbiri yake, ndipo ndathokoza. Ndayesera, koma ndikatchula dzina lake mawu sakutuluka, ndipo ndikuopa kudzaimitsa mwambo pakati. Chonde ndikhululukireni, sinditha kuimirira Lachisanu. Palibe chifukwa china koma chisoni chokhachi. Zonse zimene ndikanayankhula ndilemba, ndipo ndidzakupatsani Lachinayi masana kuti amene mungamusankhe adzawerenge. Ine ndili nanu pano pasiwa mpaka tidzamuperekeze. Ndine mwana wanu."

Azakhali anamulangiza kuti ngati banjalo pakhomo limayankhula Chitumbuka, monga mabanja ambiri a ku Lundazi, ailembe m'Chitumbuka momwemo. Chizungu chimapangitsa kalata yotere kumveka ngati ya ku ofesi.

M'kalatamo mulibe "mwina", mulibe "ndiona mmene ndidzadzukire". Mayiyo poyamba ankafuna kuikamo mawu otere kuti kukanako kufewe, koma Azakhali anakana. Mawu okayikira amasiya banja lili m'malere: safuna munthu wina poopa kumukhumudwitsa, ndipo tsiku likafika palibe wokonzeka. Mulibenso bodza la chifuwa kapena la ulendo. Bodza lotere limaululika tsiku lomwelo anthu akamuona akuphika kuseri kwa nyumba, ndipo likaululika limadzutsa mafunso aja amene kalatayo imafuna kutseka. Kupepesa kuli kamodzi kokha. Kalata ya masamba awiri yofotokoza mmene wolembayo sakugonera, mmene sakudyera, imachititsa kuti amalume, amene ataya mwana wa mlongo wawo, ayambe kutonthoza mlendo.

Chiganizo chimene chimapulumutsa zonse ndi cholonjeza kulemba. Banja silinafune kwenikweni mawu a pakamwa pa mayiyu. Linafuna zimene iye yekha akudziwa. Mbiri ya pamaliro ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya zaka ndi maina: tsiku lobadwa, makolo, sukulu, ubatizo, ukwati, ntchito, ana ndi zidzukulu amene wasiya, ndi tsiku lomwalira. Izi azitsimikize ndi achibale, makamaka chiwerengero cha ana, chifukwa kuiwala mwana mmodzi pamaliro kumasiya chilonda cha zaka. Za matenda alembe zokhazo zimene banja lavomereza kuti zinenedwe. Mbali inayo ndi ya mnzake weniweni, ndipo apa nkhani imodzi kapena ziwiri n'zokwanira, zonga mmene malemu ankasungira ana a abale ake, kapena mmene ankayambitsira nyimbo pa maliro a ena. Zonse zikwane tsamba limodzi lolembedwa ndi zilembo zazikulu zooneka bwino, loti munthu awerenge mphindi zitatu kapena zinayi.

Wowerenga asankhidwe ndi banja. Mayiyo angathe kungotchula dzina ngati afunsidwa, ndipo woyenera ndi munthu wozolowera kuwerenga pagulu, monga mlembi wa mpingo, mphunzitsi, kapena msuweni amene sanali pafupi kwambiri ndi malemu. Poyamba wowerengayo anene kuti mawuwa alemba ndi mnzake wa malemu, amene ali pomwepo koma chisoni chamukulira. Chiganizo chimenechi chimatseka pakamwa pa onong'ona onse. Ngati mayiyo angathe, aimirire pambali pa wowerengayo osanena kanthu. Ngati sangathe, akhale pakati pa amayi anzake.

Zikhoza kuchitika kuti amalume n'kuumirira, n'kunena kuti, "Limbani mtima, mayi, malemu akanafuna inuyo." Pamenepo asayambe kufotokoza zambiri. Abwereze chomwecho mwaulemu, kuti sangathe koma alemba, ndipo mayi wamkulu uja amuthandize. Akangogonja chifukwa cha manyazi, abwerera pomwe anayambira.

Zotsalazo ndi ntchito za manja zimene sizifuna mawu, ndipo maliro n'kulirana. Agone pasiwa, apereke chipepeso chake, kaya ndi ndalama, ufa kapena nkhuni, atunge madzi, akhale pafupi ndi amake a malemu. Anthu akabalalika, patapita sabata ziwiri kapena zitatu, apitenso kukawaona, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene pakhomo pamakhala zii. Mwina pa mwambo wa chiliza mawu adzakhala atabwerera, ndipo adzayankhula yekha.

Azakhali anawonjezera chenjezo limodzi. Kulephera kuyankhula m'sabata ya maliro si matenda. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, limazindikira chisoni chokhalitsa, chimene chimapitirira miyezi isanu ndi umodzi chikumulepheretsa munthu kugwira ntchito ndi kukhala bwino ndi anzake. Zikafika pamenepo, kapena maganizo ofuna kudzipha akabwera nthawi ina iliyonse, mayiyo asadikire. Auze munthu amene amamukhulupirira, ndipo apite kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma ku Lundazi.

Kwa amalume ndi eni mbumba onse amene amagawa ntchito pasiwa, pempho la Azakhali ndi ili: posankha wonena mbiri, mufunseni pambali ngati angathe, musamuuze pagulu ngati nkhani yotha kale, ndipo khalani ndi munthu wachiwiri wokonzeka kuwerenga.