Tebulo la Chiwerengero cha Anthu pa Mayeso a Sosho: Funso Likufuna Nambala Iti?

Pa mayeso a sosho, funso lokhala ndi tebulo limaoneka ngati lopepuka chifukwa manambala onse amakhala atatipatsa kale. Koma ndi pamafunso otere pamene ambiri timatayira malikisi, ngakhale timadziwa kuchotsera ndi kugawa bwinobwino. Vuto limakhala lakuti tebulo limodzi limatha kupereka mayankho awiri osiyana, onse oona, ndipo ife timathamangira kupereka yankho la funso lomwe sitinafunsidwe. Kaya tikukonzekera mayeso a MSCE, kaya tikuphunzira zauphunzitsi, kaya tikuthandiza mwana wa Fomu 4 kunyumba, tiyeni tione mmene zimenezi zimachitikira pogwiritsa ntchito tebulo la mizinda iwiri yomwe tonse timaidziwa.

Chiwerengero cha anthu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, m'masauzande ('000)

| Chaka cha kalembera | Lilongwe | Blantyre |
|---|---|---|
| 1977 | 99 | 219 |
| 1987 | 223 | 333 |
| 1998 | 440 | 502 |
| 2008 | 674 | 661 |
| 2018 | 989 | 800 |

Manambalawa ndi ochokera mu kalembera wa anthu ndi nyumba yemwe amachititsa a ofesi ya NSO ya ku Zomba. Tawafupikitsa kuti akhale m'masauzande, monga mmene matebulo ambiri a m'mabuku asukulu amakhalira.

Tisanagwire kakyuleta

Choyamba ndi kuwerenga mutu wa tebulo mpaka kumapeto. Mutuwu ukutiuza kuti manambala ali m'masauzande, kutanthauza kuti 989 akuimira anthu 989,000. Wolemba kuti mu 2018 mu Lilongwe munali anthu 989 wakopera molondola koma wayankha molakwa, pakuti anthu 989 sangadzaze ngakhale mbali imodzi ya msika wa Kawale. Kudzifunsa ngati nambala yathu ikugwirizana ndi malo omwe timawadziwa ndi njira yachangu yodzigwirira tokha tikalakwitsa.

Mutu womwewo ukutiuzanso kuti tikunena za mzinda, osati boma lonse la Lilongwe. Kalembera amawerenga mzinda paokha ndi madera akumidzi a bomalo paokha, ndipo mu 2018 akumidziwo anali ochuluka kuposa a mumzinda, oposa 1.6 miliyoni. Choncho anthu a ku Biwi ndi ku Area 23 ali mu tebulo lathu, koma a ku Mitundu ndi ku Nsaru mulibe. Tikamayankha tizilemba kuti "mzinda wa Lilongwe".

Kenako tiyang'ane zaka. Maso amangoganiza kuti kalembera amachitika zaka 10 zilizonse, koma kuchokera 1987 kufika 1998 padutsa zaka 11. Funso likati tipeze anthu omwe ankaonjezekera chaka chilichonse mu Lilongwe pa nyengo imeneyi, tichotsera 223 pa 440 n'kupeza 217, kenako tigawa ndi 11. Yankho ndi anthu pafupifupi 19,700 pachaka. Wogawa ndi 10 apeza 21,700, ndipo walakwa chifukwa chosayang'ana mzere wa zaka.

Kuchuluka kwa oonjezekera ndi liwiro la kukula

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Tiyerekeze kuti tafunsidwa mafunso awiri awa. Loyamba: ndi pakati pa zaka ziti pamene mu Lilongwe munaonjezekera anthu ambiri zedi? Lachiwiri: ndi pakati pa zaka ziti pamene mzinda wa Lilongwe unakula mofulumira zedi? Mafunsowa akumveka ngati amodzi, koma mayankho ake ali kumbali ziwiri zosiyana za tebulo.

Funso loyamba likufuna kuchotsera kokha. Kuyambira 1977 mpaka 1987 kunaonjezekera anthu 124,000. Nyengo yotsatira kunaonjezekera 217,000, kenako 234,000, ndipo kuyambira 2008 mpaka 2018 kunaonjezekera 315,000. Yankho la funso loyamba ndi 2008 mpaka 2018.

Funso lachiwiri likufuna kuti tiyerekeze anthu oonjezekerawo ndi anthu omwe analipo poyamba, ndipo zimenezi timazipeza m'maperesenti. Njira yake ndi iyi:

(nambala yatsopano − nambala yakale) ÷ nambala yakale × 100

Pa nyengo ya 1977 mpaka 1987 tigawa 124 ndi 99, n'kuchulukitsa ndi 100, ndipo tipeza pafupifupi 125 peresenti. Pa nyengo zotsatira tipeza 97 peresenti, 53 peresenti, ndipo pomaliza 315 ÷ 674 × 100 itipatsa pafupifupi 47 peresenti. Tsono yankho la funso lachiwiri ndi 1977 mpaka 1987, nyengo yomwe inali yotsiriza pa funso loyamba lija.

Izi sizikutsutsana. Banja la anthu awiri likabereka ana awiri lakula ndi 100 peresenti, pamene mudzi wa anthu 200 ukalandira anthu 20 wakula ndi 10 peresenti yokha, ngakhale kuti walandira anthu ambiri kuposa banja lija. Lilongwe wa 1977 anali wamng'ono, choncho anthu 124,000 anamukulitsa kuposa kawiri. Lilongwe wa 2008 anali atakula kale, choncho anthu 315,000 sanafike ngakhale theka la omwe analipo. Tikaona mawu ofunsa kuti "angati", tichotsere. Tikaona mawu okhudza liwiro la kukula kapena peresenti, tigawe.

Pogawa pomwepa palinso msampha wina. Ambiri timagawa ndi nambala yatsopano chifukwa ndi yomwe ili yaikulu: 315 ÷ 989 × 100, n'kupeza 32 peresenti. Tingathe kuzindikira kulakwaku pobwerera m'mbuyo. Tikatenga 32 peresenti ya 674 tipeza pafupifupi 216, ndipo tikaphatikiza ndi 674 tifika pa 890, osati 989. Tikatenga 47 peresenti ya 674 tipeza pafupifupi 317, ndipo tikaphatikiza tifika pa 991, yomwe ili pafupi kwambiri ndi 989. Kuyesa kumeneku sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Tizilembanso masitepe onse papepala, chifukwa wochonga amatha kuona kuti njira inali yolondola ngakhale titaphonya pang'ono pomaliza.

Kufotokoza ndi kuyerekeza

Mtundu wina wa funso umatiuza kuti tifotokoze mmene chiwerengero chasinthira, kapena tiyerekeze mizinda iwiriyi. Kulemba kuti "anthu akuchuluka" n'koona, koma ndi yankho lomwe munthu angalembe asanaone n'komwe tebulo. Kukopera manambala onse khumi m'ziganizo nakonso sikuonetsa kuti tamvetsa kanthu. Yankho labwino limanena komwe zinthu zikulowera, limapereka nambala yoyamba ndi yomaliza, kenako limatchula chinthu chimodzi chomwe chasintha panjira. Mwachitsanzo:

Chiwerengero cha mizinda yonse iwiri chakhala chikukwera kuyambira 1977 mpaka 2018, koma cha Lilongwe chakwera mofulumira. Lilongwe anachoka pa anthu 99,000 kufika pa 989,000, komwe ndi kuchuluka pafupifupi kakhumi, pamene Blantyre anachoka pa 219,000 kufika pa 800,000, komwe sikufika kanayi. Mu 1998 Blantyre anali patsogolo ndi anthu 62,000, koma pofika 2008 Lilongwe anali atapitirira ndi anthu 13,000, ndipo mu 2018 kusiyanaku kunafika pa 189,000.

Taonani kuti chiganizo chilichonse chili ndi mizinda yonse iwiri. Kuyerekeza kumafuna zimenezi. Tikalemba ndime ya Lilongwe payokha ndi ya Blantyre payokha, ndiye kuti ntchito yoyerekeza tamusiyira wochonga.

Taonaninso kuti sitinanene kuti Lilongwe anapitirira Blantyre mu 2008. Tebulo likungotisonyeza kuti mu 1998 anali asanapitirire ndipo mu 2008 anali atapitirira kale. Chaka chenicheni chili penapake pakati pa makalembera awiriwo, ndipo yankho loyenera ndi lakuti "pakati pa 1998 ndi 2008".

Pamene tebulo lathera

Funso lomaliza kawirikawiri limafunsa zifukwa kapena zotsatira, ndipo apa tebulo silikhalanso ndi yankho. Tiyenera kutenga zomwe tinaphunzira m'kalasi n'kuzilumikiza ndi manambala. Tikafunsidwa chifukwa chomwe Lilongwe anakulira mofulumira pakati pa 1977 ndi 1987, mfundo yolimba ndi yakuti mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Maofesi a boma, ntchito zomanga ndi makampani a ku Kanengo zinakoka anthu ochokera m'maboma ena. Tingaonjezerenso kuti mzinda umakula chifukwa ana obadwa amachuluka kuposa anthu omwalira. Chifukwa chilichonse chizikhala ndi chiganizo chosonyeza mmene chimachulukitsira anthu. Kungolemba kuti "ntchito" sikukwanira. Tilembe kuti anthu amachoka kumudzi kudzafuna ntchito mumzinda, ndipo akakhazikika amaitanitsa mabanja awo.

Pa zotsatira, ife odziwa Lilongwe tili ndi zitsanzo pakhomo pomwe: nyumba zothithikana za ku Mgona ndi ku Chinsapo, mizere ya ndowa pamakiyosiki a madzi, makalasi odzaza ndi ana, ndi kukwera kwa lendi. Zitsanzozi zimalimbitsa yankho, koma pali malire ake. Tebulo lathu ndi la mzinda wonse, ndipo silikutiuza kuti mwa anthu 315,000 aja ndi angati anapita ku Area 25, angati ku Chinsapo, angati ku Kawale. Silikutiuzanso kuti ndi angati anachita kubwera ndipo ndi angati anabadwira momwemo. Choncho sitingalembe kuti "tebulo likusonyeza kuti ku Chinsapo kwachuluka anthu". Tilembe kuti tebulo likusonyeza kuti mzinda wakula ndi 47 peresenti, ndipo chimodzi mwa zotsatira za kukula kotere ndi kufalikira kwa malo okhala osakonzedwa bwino monga Mgona. Tikatero wochonga aona kuti tikusiyanitsa zomwe tawerenga mu tebulo ndi zomwe tabwera nazo.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa tebulo la malonda. Tikapatsidwa ndalama zomwe dziko lapeza pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga kunja, tiyambe taona ngati zili m'makwacha kapena m'madola, m'mamiliyoni kapena m'mabiliyoni, kenako tidzifunse ngati akufuna kusiyana kwa ndalamazo kapena peresenti ya kusinthako.

Tiyeserere

Titenge mzere wa Blantyre n'kuyankha mafunso atatu awa tisanaone mayankho. Kodi ndi anthu angati anaonjezekera pakati pa 2008 ndi 2018? Nanga mzindawu unakula ndi maperesenti angati pa nyengoyi? Kodi pakati pa 1987 ndi 1998 kunkaonjezekera anthu angati chaka chilichonse?

Yankho loyamba ndi anthu 139,000, lachiwiri ndi pafupifupi 21 peresenti, ndipo lachitatu ndi anthu pafupifupi 15,400 pachaka. Amene wapeza 17 peresenti pa funso lachiwiri wagawa ndi 800 m'malo mwa 661. Amene wapeza 16,900 pa funso lachitatu waiwala kuti zaka zinali 11.