Mafunso ndi Mayankho: Munda Wogonekedwa Udzabwerera Liti Kukhala Nkhalango?

Wowulutsa: Lero tili ndi mayi amene ndi katswiri wa za nkhalango. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Dowa. Akuti: "Munda wa malemu bambo anga tinasiya kulima zaka zinayi zapitazo chifukwa nthaka inaguga. Ndinkayembekeza mitengo, koma mwangodzaza tsekera ndi tizitsamba tofika m'chiuno. Kodi mundawu unaferatu?"

Katswiri: Zikomo bambo. Munda wanuwo uli moyo, ndipo zimene mukuonazo ndi zoyembekezeka pa tsala la zaka zinayi. Zomera zimabwerera pa tsala molandizana. Chaka choyamba ndi chachiwiri mumadzaza chisoso, bonongwe ndi udzu wina wokhala nyengo imodzi, chifukwa njere zake zinali kale m'dothi ndipo zimakonda dzuwa. Zikafa zimasiya zinyalala, kenako udzu wokhalitsa monga tsekera umazilanda malo. Mkati mwa udzumo ndi mmene mitengo imayamba kudzuka. Pamene inu muli ndi pamenepo.

Mawa mupite ndi khasu, mukafukule pang'ono patsinde pa kachitsamba kamodzi. Kawirikawiri mudzapeza kuti kamtengo koonda ngati chala kakuchokera pa chitsa chakale kapena pa muzu waukulu. Mitengo ya nkhalango zathu za miombo imabwerera makamaka kudzera m'zitsa ndi mizu. Makolo akamatsegula munda ndi nkhwangwa ankadula pamwamba, mizu n'kutsala, ndipo chaka chilichonse polima ankangosadza mphukira. Khasu likasiya, mphukirazo zimakula msanga chifukwa muzu wake ndi wozama kale, umafika pamene pali chinyezi ngakhale m'chilimwe. Pa matsala ambiri imayamba kuoneka ndi chitimbe, mpoza, naphini ndi thombozi.

Tsono funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani zaka zinayi mitengoyo ikadali m'chiuno. Ine ndikukayikira moto. Tsekera wouma wa mu Seputembala ndi Okutobala amayaka moto waukali umene umapha mphukira zonse zofupika. Muzu sufa, mvula ikagwa umaphukanso, koma chaka chamawa moto umabweranso. Chizindikiro chake ndi ichi: patsinde mudzapeza timitengo takuda touma titazunguliridwa ndi mphukira zatsopano zambirimbiri. Ngati nsonga zili zodukaduka ndipo makungwa ndi osendeka, olakwa ndi mbuzi.

Za motozi zinayesedwa kalekale. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, kuyambira 1933 akatswiri anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo: china ankachitentha udzu usanaumitsitse, china kumapeto kwa chilimwe, china osatentha konse. Patapita zaka, chigawo chotenthedwa mochedwa chinataya pafupifupi mitengo yonse ya mombo, n'kutsala udzu ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa. Chotenthedwa molawirira chinakhalabe nkhalango. Choncho bambo, lambulani m'malire mwa tsala lanu. Ngati moto simungauletse, tenthani nokha mu Meyi kapena Juni, madzulo kopanda mphepo. Pachitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani, kuti zotsalazo zitalike msanga n'kupitirira msinkhu wa malawi.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri yachokera kwa mtsikana wa folomu 3 ku Mulanje. Akuti m'kalasi anaphunzira kuti kulandizana kwa zomera kuli mitundu iwiri, koma sakuona kusiyana kwake.

Katswiri: Mwanawe, funso loti uzidzifunsa ndi limodzi: kodi pamalopo patsala dothi lamoyo? Ngati latsala, ngati mmene zilili pa tsala la ku Dowa lija kapena pa lupsa, kumeneko ndi kulandizana kwa mtundu wachiwiri. Njere, mizu, chiswe, nyongolotsi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zilipo kale. Mtundu woyamba umachitika pamene palibe dothi konse: pathanthwe, pa chiphalaphala cha phiri lophulika chitazizira, pa mchenga watsopano. Pathanthwe pamayamba ndere zomamatira pamwala. Zimadya mwalawo pang'onopang'ono, zimagwira fumbi, zikafa zimasiya kadothi kochepa m'ming'alu, ndipo m'menemo udzu umapeza pogwira. Kuti pakhale dothi lokwanira mitengo ikuluikulu pangapite zaka mazanamazana.

Kwanuko chitsanzo chilipo, ngakhale ndi chowawa. Namondwe Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023, pamwamba pamene dothi lonse linakokoloka panatsala mwala woyera. Pamenepo ndi poyambira mtundu woyamba. Kumunsi kumene matope anaunjikana kunapita dothi, njere ndi zidutswa za mizu, ndipo kumeneko kumabiriwira msanga.

Koma usaloweze ngati lamulo kuti ndere ndiye zimayamba nthawi zonse. Chilumba cha Surtsey, kufupi ndi Iceland, chinatuluka m'nyanja mu 1963 phiri litaphulika pansi pa madzi. Chomera choyamba chokhala ndi mizu chinapezeka mu 1965, njere yake itabwera ndi mafunde, pamene ndere zinadzaoneka pambuyo pake. Zomera zinadzachuluka kwenikweni m'zaka za m'ma 1980, mbalame za m'nyanja zitayamba kuswana mochuluka pachilumbacho n'kumasiya zitosi ndi njere. Chimene chimafika ndiponso chimene chapeza chakudya ndicho chimayamba.

Wowulutsa: Kalata yomaliza ndi ya agogo ena a ku Kasungu. Akuti tsala lawo latha zaka zoposa makumi awiri, mitengo ndi yaitali ndithu, koma bowa amene ankazula ali mwana sakumera. Chavuta n'chiyani?

Katswiri: Agogo, mwaona chinthu chimene ngakhale ife ophunzira timachiphonya tikamangowerenga mitengo. Bowa ambiri a m'miombo amakhala molumikizana ndi mizu ya mombo, mchenga ndi msuku. Mtengo umapatsa bowa chakudya, bowa n'kumathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Popanda mitengo imeneyi bowawo samera, ngakhale mthunzi utakhala wochuluka bwanji.

Nanga mitengoyo bwanji sinabwerere? Njere za mombo ndi mchenga sizikhalitsa m'dothi, komanso siziyenda mtunda. Chikhokhombe chake chimaphulika ndi dzuwa, njere n'kugwa chapafupi ndi mtengo. Ngati munda wanu unazulidwa zitsa, monga ankachitira m'minda yambiri ya fodya, ndipo palibe nkhalango pafupi, mitengo imeneyi ilibe pochokera. Ku Nhambita, pafupi ndi Gorongosa ku Mozambique, ofufuza anayeza matsala a zaka zosiyanasiyana. Anapeza kuti pakatha zaka 20 mpaka 30 kuchuluka kwa mitengo kumafanana ndi kwa nkhalango yosadulidwa, koma mitundu yeniyeni ya miombo inali isanabwerere, ndiponso chonde chochokera ku zowolerana m'dothi sichinkaonetsa kuti chikuwonjezeka. Ine ndimadandaula anthu akamadula nkhalango yakale n'kumati idzamera yokha. Imamera, koma yomerayo imakhala ina kwa zaka zambiri.

Chimene mungachite ndi ichi. Tumani adzukulu akatole njere za mombo ndi mchenga m'chilimwe zikangogwa, ndi za masuku zipatso zikapsa, n'kuzifesa msanga osazisunga. M'machubu asakanizemo dothi lotengedwa pansi pa mitengo yomweyo, chifukwa m'dothimo ndi mmene muli mbewu ya bowa. Mbande zikaoneka ngati sizikukula zaka zoyamba, asazizule, zimakhala zikuzamitsa muzu. Ndipo ngati m'mphepete mwa munda mwatsala mombo ngakhale umodzi wobereka, muuze ana kuti nkhwangwa isaukhudze.

Wowulutsa: Omvera, amene muli ndi matsala, polemba makalata muzitiuza zaka zimene munda wagona, ngati zitsa zinazulidwa, ndi mwezi umene moto umadutsa, kuti mayankho azikhala olunjika.