Mafunso ndi Mayankho pa Muyeso wa Z wa Kugwa kwa Kampani

Kodi muyeso umenewu unachokera kuti?

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma tsoka la kampani yomira m'ngongole limayamba kumveka fungo m'mabuku ake zipata za fakitale zisanatsekedwe. Mu 1968 Edward Altman, mphunzitsi wa pa yunivesite ya New York, atasanthula mabuku a makampani 66 opanga katundu ku Amereka, theka lake amene anagwa pakati pa 1946 ndi 1965 ndipo theka lina amene anaimabe, anasankha magawo asanu amene pamodzi analekanitsa akufa ndi amoyo, napatsa gawo lililonse kulemera kwake:

```
Z = 1.2X1 + 1.4X2 + 3.3X3 + 0.6X4 + 1.0X5
```

Nanga manambala ake awatenga potani?

Tiyerekeze kampani yopanga sopo, ndipo manambala onse akhale m'mamiliyoni a madola. Lipoti lake la pachaka lionetsa chuma chonse cha 1,000, ndiye mwala wapangodya, pakuti magawo anayi agawidwa ndi icho.

X1 ndi chuma chosanduka ndalama chaka chisanathe, monga sopo wa m'nkhokwe ndi ngongole za ogula (400), kuchotsapo ngongole zoyenera kubwezedwa m'chaka chomwecho (350). Zotsala 50 zipereka 0.05. X2 ndi phindu losungidwa chiyambire kampaniyo, 120, ndiye 0.12. X3 ndi phindu la chaka chino asanachotsepo chiwongoladzanja ndi msonkho, 60, ndiye 0.06; apa ambiri amaphunthwa, pakuti maso amathamangira kumzere wotsiriza wa lipoti, kumene ziwirizo zachotsedwa kale, ndipo akatero amaipsa gawo lomwe Altman analilemeza koposa onse. X5 ndi malonda a chaka chonse, 1,100, ndiye 1.1.

X4 yekha safunsa chuma chonse: masheya 100 miliyoni pa mtengo wa madola 3 pamsika apanga 300, ndipo pogawa ndi ngongole zonse, zazifupi ndi zazitali (600), tipeza 0.5.

```
Z = 0.060 + 0.168 + 0.198 + 0.300 + 1.100 = 1.826
```

Tsono 1.826 atanthauzanji?

Pansi pa 1.81 kampani ifanana ndi makampani aja anagwa. Pamwamba pa 2.99 ifanana ndi aja anapulumuka. Pakati pali chigawo cha chikaiko, ndipo kampani yathu yalowamo ndi chala chokha. Komatu wanzeru saleka pa chiwerengero chotsiriza, pakuti akabwerera m'mizere ija adzaona kuti mwa 1.826, malonda okha asenza 1.100, pamene phindu, lomwe ndilo lobwezera ngongole, langoponyapo 0.198; ndiko kunena kuti sopo akutuluka m'fakitale ndi magalimoto odzaza, koma pa madola 100 alionse a malonda patsala osakwana 6, ndipo abanki ndi amsonkho sanatengepo zawo. Mtengo wa sheya utangotsika kufika pa madola 2, gawo lachinayi likhala 0.200, muyeso wonse 1.726, ndipo kampaniyo yawoloka malire popanda makina ngakhale amodzi kuleka kulira.

Kodi mabuku sanganame?

Angathe, ndipo muyesowu umameza chilichonse chimene wapatsidwa. Sopo amene wakhala m'nkhokwe osagulidwa, ndi ngongole za ogula amene sadzabweza, zonse zimawerengedwa m'gawo loyamba monga chuma chamoyo, ndipo malonda apangongole amanenepetsa gawo lachisanu ngakhale ndalama sizinalowe. Chizindikiro chake ndi ichi: mukaika malipoti a zaka zitatu pambali pa linzake, ndi kupeza kuti katundu wa m'nkhokwe ndi ngongole za ogula zikukula mofulumira kuposa malonda, dziwani kuti Z weniweni ali pansi pa amene mwawerenga. Ine ndimaopa kampani yotsika kuchokera pa 2.8 kudzera pa 2.3 kufika pa 1.9 koposa imene yakhala pa 1.9 zaka zonsezo.

Kodi uyenera kampani iliyonse?

Iyayi. Banki kapena kampani ya inshuwalansi musaiyese nawo konse, pakuti ngongole ndiyo malonda awo. Kampani yatsopano imaoneka yodwala chifukwa sinakhale ndi nthawi younjika phindu la X2. Ndipo imene masheya ake sagulitsidwa pamsika ilibe X4. Chifukwa chake mu 1983 Altman anakonza muyeso wina wotenga mtengo wa m'mabuku, wokhala ndi kulemera kwina ndi malire a 1.23 ndi 2.9, ndipo kusakaniza mtengo wa m'mabuku ndi kulemera kwa 1968 ndiko kulakwa kofala. Ngakhale pa makampani ake 66 aja, muyeso unalondola pa 95 mwa 100 alionse chaka chimodzi kugwa kusanafike, koma pobwerera zaka ziwiri unazindikira 72 okha mwa 100 alionse a makampani amene anagwa.