Chala pa Makina, Dzina pa Malipiro

M'mafakitale ndi m'maofesi ambiri mulibenso kaundula wosaina m'mawa. Pakhomo pali kamakina kokhomedwa pakhoma. Wantchito amaika chala pakagalasi, makina n'kulira, iye n'kulowa. Kodi kudinda kumeneku kumasanduka bwanji ndalama za pakutha pa mwezi?

Makinawa sadziwa malipiro a munthu. Tsiku lolembetsa, amayeza mizere ya chala chanu n'kuisunga pamodzi ndi nambala yanu. Mukadinda, amafananitsa chalacho ndi zomwe anasunga, kenako n'kulemba mzere umodzi: nambala, tsiku ndi nthawi. Tiyeni titsatire bambo wina wophika buledi usiku, yemwe nambala yake ndi 214. Mizere yake ikuoneka chonchi:

```
214  2024-03-04 21:54:10
214  2024-03-04 21:54:31
214  2024-03-05 06:03:45
214  2024-03-05 21:55:02
```

Kampani ikhoza kukhala ndi makina otere pageti, kunkhokwe ndi kunthambi ina kutali. Aliwonse amasunga mizere yawoyawo. Choncho tsiku lililonse, nthawi zambiri usiku, kompyuta ya ku ofesi ya malipiro imalumikizana ndi makina onse kudzera pa netiweki, n'kukoka mizere yatsopano. Kumene kulibe netiweki, kalaliki amakopera mizereyo pa fulashi n'kubwera nayo. Yonse imathiridwa mu nkhokwe imodzi ya mu kompyuta, momwe mulinso dzina la wantchito aliyense, shifiti yake ndi malipiro ake a pa ola.

Ntchito yoyamba ndi kulumikiza nambala ndi dzina. Ngati pa makina a kunthambi nambala 214 anaipatsa mayi wina, maola a anthu awiri adzasakanikirana. N'chifukwa chake munthu mmodzi ayenera kukhala ndi nambala imodzi pa makina onse.

Kenako kompyuta imachotsa zobwereza. Onani mizere iwiri yoyamba ija. Bamboyu anadinda kawiri, motalikirana masekondi 21 okha, mwina chifukwa sanamve kulira kwa makina. Pulogalamu imasunga kudinda koyamba n'kusiya kwachiwiri. Imakananso mzere womwe inaulandira kale dzulo, poona kuti nambala, nthawi ndi makina ake n'zofanana.

Tsopano tafika povuta penipeni: kupeza kuti kulowa ndi kuti, kutuluka ndi kuti. Bamboyu analowa Lolemba pa 4 Malichi, nthawi ili 21:54, n'kutuluka Lachiwiri m'mawa, 06:03. Shifiti yake ndi ya 22:00 mpaka 06:00, maola 8. Koma pakati pa usiku deti linasintha. Ngati pulogalamu ikungowerenga tsiku lililonse palokha, idzaona kuti Lolemba analowa koma sanatuluke, ndipo mwina sidzamuwerengera ola ngakhale limodzi. Lachiwiri idzatenga 06:03 ngati kulowa, 21:55 ngati kutuluka, n'kumupatsa maola pafupifupi 16, pamene nthawi imeneyo iye anali kunyumba akugona. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ogwira ntchito usiku amapwetekeka kwambiri, chifukwa cholakwacho chimabwerezeka usiku uliwonse. Mankhwala ake ndi kuuza pulogalamu shifiti ya munthuyo, kuti kudinda kwa m'mawa kuwerengedwe ku tsiku lomwe analowa. Komanso kompyuta ikakoka mizere 1 koloko usiku, bamboyu amakhala adakali pa uvuni. Tsiku lakelo liyenera kudikira kukoka kwa mawa lisanatsekedwe.

Kulakwitsa maola si nkhani yaing'ono. Ku Malawi, lamulo la ntchito la 2000 limati maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, ndipo ola la ovataimu pa tsiku la ntchito limalipidwa kamodzi ndi theka. Maola akalakwika, ovataimu nayonso yalakwika.

Nthawi zina vuto limakhala wotchi ya makinawo. Ikathamanga ndi mphindi 10, onse odinda pamenepo amaoneka ngati achedwa. Chizindikiro chake n'chimenecho: anthu onse a pageti limodzi kuchedwa mofanana. Palinso zala zomwe makina amazikana. Womanga nyumba yemwe simenti yamudya zala, kapena mayi wochapa tsiku lonse, mizere yake imafufutika. Amadinda, makina n'kukana, mzere osalembedwa. Ndi bwino kulembetsa zala ziwiri kapena kuposerapo, za manja onse awiri.

Ubwino wokoka mizere tsiku lililonse ndi woti m'mawa mwake kalaliki amatulutsa mndandanda wa omwe adinda kamodzi kokha kapena sanadinde n'komwe. Kapitawo amakhala akukumbukirabe yemwe anabwera dzulo, ndiye amasaina fomu yokonza. Makina anu akakukanani, musadikire silipi ya malipiro. Uzani kapitawo tsiku lomwelo, ndipo lembani deti ndi nthawi yomwe munafika.